Mawaipisi: kansalu kotseka paipi, madzi owengetsa khungu

Tengani botolo la malita awiri, thiranimo madzi mpaka theka, ponyanimo tishu wa kuchimbudzi, tsekani ndi kukhutchumula kakhumi. Mukayang'ana mupeza madzi ayera mbuu, tishu uja wasanduka tinyenyeswa tosagwirika. Tsukani botololo, thiranimo madzi ena, ndipo tsopano ponyanimo kansalu kamodzi konyowa kochokera m'paketi ya mawaipisi a mwana. Khutchumulani mpaka mkono uwawe. Lisiyeni botolo ligone usiku, mawa mudzakhutchumulenso. Kansalu kaja mudzakatulutsa kathunthu, ndipo mukakakoka ndi manja awiri kadzangotanuka, osang'ambika.

Si kuti anakapanga molakwika. Anakapanga dala kuti katero. Kansalu kameneka kamayenera kukhala konyowa m'paketi kwa miyezi yambiri, kuchokera kufakitale, pasitima, m'nyumba yosungira katundu, pashelefu ya sitolo mpaka m'chikwama chanu, osasungunuka komanso osachita chuku. Kuti kasasungunuke, opanga anakalimbitsa. Kuti kasavunde, anathira mankhwala m'madzi ake. Kulimbako ndi kumene kumatseka mapaipi, ndipo mankhwalawo ndi amene amawenga khungu la ana ndi la akulu ena. Choncho paketi ya mawaipisi ndimaiona ngati zinthu ziwiri zofunika kuziweruza padera: nsalu yake ndi madzi ake.

Chimene chimasiyanitsa tishu ndi kansalu

Tishu amapangidwa ndi timaulusi ta mtengo tatifupi kwambiri, ta mamilimita ochepa chabe. Timaulusiti timagwirana pepala likauma, ndipo madzi akalowa pakati pake kugwiranako kumatha. N'chifukwa chake tishu akanyowa amafooka nthawi yomweyo. Akamafika pa mamita ochepa kuchokera kuchimbudzi amakhala wayamba kale kuphwasuka.

Mawaipisi ambiri a ana ndi opukutira kumaso si pepala. Ndi nsalu, ngakhale kuti siyolukidwa. Pafakitale amayala ulusi wautali, wa masentimita pafupifupi 4, kenako amauwombera ndi madzi amphamvu otuluka m'timabowo tating'ono kwambiri, mpaka ulusiwo upiringizana wokhawokha. Palibe guluu woti madzi amusungunule. Chimene chagwira kansaluko ndi kupiringizana kwa ulusi, ndipo madzi a m'paipi alibe mphamvu yomasula zimenezo. Ulusi wake nthawi zambiri umakhala wosakaniza: visikosi, amene amachokera ku mtengo ndipo amamwa madzi bwino, ndi poliyesita, amene ndi pulasitiki yemweyo wa mabotolo a zakumwa. Poliyesita savunda m'thanki, m'dzenje kapena mumtsinje. Amangothetheka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri n'kukhala timapulasitiki tosaoneka ndi maso.

Mukafuna kudziwa ngati mawaipisi anu ali ndi pulasitiki, umitsani kansalu kamodzi padzuwa, kapaneni ndi waya, mukayatse panja kutali ndi ana. Ka ulusi wa mtengo kapena thonje kamayaka ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Ka poliyesita kamakwinyika, kamasungunuka, kamatulutsa utsi wakuda n'kusiya timibulu tolimba.

Koma musaganize kuti kopanda pulasitiki ndiye kangapite m'chimbudzi. Mapaketi ambiri masiku ano amalemba kuti tinsalu take ndi ta nsungwi kapena kuti timavunda tokha. Kuvunda kumatenga masabata kapena miyezi, pamene ulendo wa m'paipi kuchokera kuchimbudzi kufika pamalo pamene kangakodwe umatenga mphindi imodzi. Kansalu ka ulusi wautali wa visikosi kamatseka paipi mofanana ndi ka poliyesita.

Mmene paipi imatsekekera

Ndifotokoze zimene zinachitika pa nyumba zitatu za lendi zimene ndimayang'anira m'malo mwa achimwene anga, chifukwa zimasonyeza bwino mmene vutoli limayambira. Nyumbazi zili mondondozana, ndipo zimbudzi zake zonse zimathira m'paipi imodzi ya mamilimita 110 imene imatsetserekera ku sepitiki thanki kumunsi kwa mpanda. Kuseri kwa nyumba iliyonse kuli manihole, kadzenje kaja ka njerwa kokhala ndi chivundikiro cha simenti, ndipo pali inanso pafupi ndi thanki.

Woyamba kudandaula anali wa nyumba ya kumunsi. Anati akagejemula, madzi amakwera mpaka pafupi ndi pakamwa pa chimbudzi, kenako amatsika pang'onopang'ono. Mayi a nyumba yapakati anati akamasamba, kabowo kotulukira madzi kubafa kamalira kuti kulukulu. Zizindikiro ziwirizi zikabwera pamodzi, ndiponso m'nyumba zoposa imodzi, dziwani kuti vuto silili m'chimbudzi momwemo ayi, lili kunja m'paipi yaikulu. Kulirako ndi mpweya umene wasowa njira, ndiye ukubwerera kudzera m'madzi a m'khosi la paipi.

Pulambala atabwera sanayambe ndi kukumba. Anavundukula mamanihole onse kuyambira kumtunda. Ya nyumba yoyamba inali ndi madzi pang'ono osayenda, ya yachiwiri inali itafika theka, ya yachitatu inali itadzaza pafupi kusefukira, koma yomaliza ija ya pafupi ndi thanki inali youma, mukungodontha timadzi. Apa nkhani inali itadziwika: chotseka chili pakati pa manihole yodzaza ndi youma. Zikanakhala kuti yomalizayo nayonso yadzaza, tikanadziwa kuti thanki ndiyo yadzaza kapena dzenje lomwetsa madzi m'nthaka lakana. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa anthu ambiri amathamangira kuitana galimoto yopopa thanki, kulipira ndalama zambiri, pamene thankiyo ilibe mlandu.

Analumikiza ndodo zake zotsegulira paipi, kutsogolo n'kumanga chitsulo chopota chokokera, n'kulowetsa kuchokera ku manihole youma kuloza kumtunda. Anandiuza zinthu ziwiri zimene ndazisunga. Choyamba, ndodozi amazipotoza mbali imodzi yokha, kumanja, chifukwa ukabwezera kumanzere zimamasuka polumikizira n'kutsalira mkati. Chachiwiri, mawaipisi sukankha, umakoka. Ukawakankha ndi mphira amangosuntha pang'ono n'kukaunjikana polowera m'thanki, pamene n'povuta kwambiri kufikapo.

Chimene chinatuluka chinali chingwe. Tinsalu totuwa tinali titapotana tokhatokha, kukula ngati mkono wa munthu, tatalika kuposa mita, ndipo mkati mwake munali tsitsi, timitengo totokosera m'makutu ndi mafuta ouma oyera. Kumutu kwa chingwecho kunali timizu tofiira tonga tsitsi. Pamalo olumikizira mapaipi awiri panali patatseguka pang'ono, ndipo mizu ya mtengo wa mango wapafupi inali italowapo kufuna chinyezi.

Mizuyo inalipo kwa nthawi yaitali ndipo paipi inkayenda bwinobwino, chifukwa tishu amadutsa pa mizu atasanduka kale nyenyeswa. Kansalu sikadutsa. Kamakodwa n'kumalendewera m'madzi, kachiwiri kamakodwa pa koyambako, ndipo madzi oyenda amatipota pamodzi. Amene anaonapo mtengo utagwera mumtsinje m'dzinja akudziwa mmene zimakhalira: nthambi imodzi imagwira udzu, udzu umagwira mapesi, mapesi amagwira matope, mpaka madzi apatuke. Chokodwera sichisowa m'mapaipi athu: simenti imene inadonthera mkati pomanga, m'mphepete mwa paipi imene inadulidwa ndi sowo osapalidwa, pokhota pakuthwa, kapena pamene nthaka inatitimira paipi n'kupanga chithaphwi mkati.

Mafuta a kukhitchini ndi amene amamaliza ntchito. Amalowa m'sinki ali amadzimadzi ndi madzi otentha otsukira mapoto, akafika m'paipi yozizira amaundana n'kumatirira pa tinsalu tija. M'kupita kwa nthawi amasakanikirana ndi kashiyamu wa m'madzi ndi wa simenti n'kukhala chinthu cholimba chonga sopo wouma, chimene madzi otentha sangachisungunulenso.

M'nyumba yoyamba munali khanda la miyezi inayi. Werengani nokha: kusintha thewera kasanu ndi kawiri patsiku, tinsalu titatu ulendo uliwonse, ndiye tinsalu toposa 20 patsiku, toposa 600 pamwezi. Mayi ake sankataya tonse m'chimbudzi, ankangotayamo tokhala ndi chimbudzi cha mwana, pofuna ukhondo, kuti nyumba isanunkhe ndiponso agalu asafukule. Sindinawaimbe mlandu. Chimbudzi chawo sichinavutepo ndi kamodzi komwe, popeza iwo anali kumtunda. Ovutika anali a kumunsi, amene sanagulepo paketi ya mawaipisi. Vutoli limakhala lotero pafupifupi kulikonse: wotaya saona zotsatira zake.

Chinanso chimene ndinaletsa tsiku lomwelo ndi mankhwala aukali otsegulira mapaipi. Soda wa kositiki amadya mafuta ndi tsitsi, koma chingwe cha poliyesita sachichotsa. Amangodikha kumtunda kwa chotsekacho, kudikira kudzathovukira m'maso mwa munthu amene adzabwere ndi ndodo. Wochuluka akafika m'thanki amaphanso tizilombo timene timavunditsa zonyansa.

Nanga olembedwa kuti "flushable"?

Mawuwa amatanthauza kuti kansaluko n'kogejemula m'chimbudzi, ndipo alipo mawaipisi ena amene anawapangadi mosiyana. Amenewa amakhala ndi timaulusi ta mtengo ngati ta pepala, tosakaniza ndi ulusi waufupi wa visikosi, topiringizidwa pang'ono chabe kuti kansalu kalimbe pakupukuta koma kamasuke kakagubuduzika m'madzi ambiri. Mukawayesa m'botolo muja mupeza kuti abwino ake amaduka zidutswa. Vuto ndi lakuti mawu akuti "flushable" kwa zaka zambiri analibe muyeso umodzi wovomerezeka. Opanga anali ndi mayeso awoawo, ndipo makampani oyendetsa suweji ankati mayesowo amatakasa madzi mwamphamvu ndiponso kwa nthawi yaitali kuposa mmene zimakhalira m'paipi yeniyeni. Mu 2019 ofufuza a pa yunivesite ya Ryerson ku Toronto anayesa zinthu 101 zogwiritsa ntchito kamodzi, 23 mwa izo zolembedwa kuti n'zogejemula, ndipo panalibe mtundu ngakhale umodzi wa mawaipisi umene unaphwasuka mokwanira. Ku Australia, kampani ya Pental inalipitsidwa chindapusa cha madola 700,000 a dzikolo mu 2018 chifukwa chonena kuti tinsalu take totsukira kubafa timasungunuka ngati tishu.

Chilungamo chake n'chakuti tinsalu tambiri totseka mapaipi si timeneti. Bungwe la makampani a madzi ku Britain, Water UK, linatulutsa kafukufuku mu 2017 wa zinthu zimene anazivuula m'mapaipi otsekeka. Pafupifupi 93 pa 100 ya zinthuzo inali mawaipisi, ndipo ochuluka zedi anali a ana, amene sanapangidwe n'komwe kuti azigejemulidwa. Chaka chomwecho ku Whitechapel mumzinda wa London anapeza chimulu cha mafuta ndi tinsalu cholemera matani 130, chotalika mamita 250, chitatseka ngalande yakale ya pansi pa msewu, ndipo anachigumula kwa masabata ambiri.

Komabe ine mawu akuti "flushable" sindiwakhulupirira, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi chizolowezi chimene amaphunzitsa. Munthu akazolowera kuti kansalu konyowa kamapita m'chimbudzi, sawerenganso paketi iliyonse. Mlendo, mwana wasukulu, wantchito wapakhomo, onse amaona kansalu koyera kofanana. A ku Britain anayesa kuthetsa chisokonezochi ndi chizindikiro cha "Fine to Flush", chimene chinayamba mu 2019 ndipo chinkaperekedwa kwa mawaipisi opambana mayeso okhwima a makampani a madzi. Mu 2024 anachithetsa, n'kubwerera ku uthenga umodzi wosavuta wakuti kansalu kalikonse kapite m'bini. Chaka chomwecho boma la kumeneko linalengeza kuti liletsa kugulitsa mawaipisi okhala ndi pulasitiki. Abale athu amene akugwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba za ku Britain amakumana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo la pantchito n'lomwelo, m'thumba la zinyalala, osati m'chimbudzi.

Kwathu kuno pali chifukwa china chowonjezera. Kansalu "kogejemula" kamadalira madzi ambiri oyenda kuti kamasuke. Thanki ya chimbudzi chamakono imatulutsa malita pafupifupi 6 okha, zakale zinkatulutsa 9 kapena kuposa. Ndiye ganizirani masiku amene m'mipopi mwauma, tikuthira ndi ndowa, ndipo ndowa imodzi ikugawidwa maulendo atatu. Madzi otero amangochotsa zinthu pamaso, kuzisiya zitakhala m'paipi mamita ochepa kuchokera pakhoma, pamene zimauma n'kumatirira. Komanso nyumba zambiri za zimbudzi zamadzi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Lusaka sizinalumikizidwe ku suweji ya mzinda, zili pa sepitiki thanki, ndipo m'thanki madzi amakhala bata, palibe chotakasa. Tinsalu timayandama m'chikhungwa cha pamwamba kapena timatseka kapaipi kolowera, ndipo tsiku lopopa timakatsamwitsa paipi ya galimoto. Opopa zimbudzi zokumba amadandaula zomwezo: asanayambe kupopa amayamba kaye avuula nsanza, matewera ndi tinsalu ndi ngowe, ntchito yonyansa ndiponso yoika moyo wawo pachiswe.

Madzi a m'paketi ndi khungu

Tsopano mbali imene imandikhudza kwambiri, chifukwa paipi imatsegulidwa tsiku limodzi koma mwana wonyuka matako amalira masabata.

Madzi a m'paketi ya mawaipisi a ana ndi madzi enieni kuposa magawo 90 pa 100, ndipo m'mapaketi ambiri amayandikira 99. Choncho nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo kwa paketi isakutengeni mtima. Nkhani ili m'kagawo kotsalako. Mmenemo mumakhala kasopo kofewa kochotsa mafuta a m'chimbudzi cha mwana, mankhwala oletsa chuku ndi tizilombo, kena kosunga asidi wa madziwo pamlingo woyenera, ndipo kawirikawiri zonunkhiritsa.

Khungu labwino limakhala ndi asidi pang'ono, pH yake, umene ndi muyeso wa asidi, imakhala cha pa 5. M'thewera, tizilombo ta m'chimbudzi timaphwanya mkodzo n'kutulutsa amoniya, fungo loswa mphuno lija la thewera logonera. Amoniya amachepetsa asidi wa pakhungu, ndipo zikatero timadzi togaya chakudya totsalira m'chimbudzi cha mwana timadzuka n'kuyamba kudya khungu lenilenilo. Ichi ndicho chiyambi cha kunyuka kwa m'thewera. Mawaipisi opangidwa bwino amathandiza pamenepa, chifukwa madzi ake amakhala ndi asidi wofanana ndi wa khungu. Ofufuza a pa yunivesite ya Manchester anachita kafukufuku wa makanda 280, amene anasindikizidwa mu 2012: ena ankapukutidwa ndi thonje ndi madzi, ena ndi mawaipisi opanda spiriti, ndipo sanapeze kusiyana pa chinyezi cha khungu lawo. Tanthauzo lake si lakuti paketi iliyonse ndi yabwino. Anayesa mtundu umodzi wofewa, pa makanda obadwa pa nthawi yake ndiponso athanzi. Koma zikusonyeza kuti mayi wogwiritsa ntchito mawaipisi abwino sakulakwira mwana wake, ndipo wogwiritsa ntchito madzi ndi kansalu sakumumana kanthu.

Dzina limodzi limene ndikupempha kuti muliloweze ndi ili, monga limalembedwera kuseri kwa paketi: methylisothiazolinone. Lili ndi mbale wake, methylchloroisothiazolinone. Awa ndi mankhwala oletsa kuvunda, amphamvu ndiponso otsika mtengo, amene anafala kwambiri m'mawaipisi ndi m'mafuta odzola cha m'ma 2010. Madokotala a khungu ku Ulaya, America ndi Australia anayamba kulandira anthu ambiri a ziwengo zosamva mankhwala: ana a zilonda kumatako ndi kuzungulira pakamwa, akuluakulu oyabwa kumalo obisika, ndiponso makolo osweka zala. Mu 2013 bungwe la madokotala a ziwengo za pakhungu ku America linatchula methylisothiazolinone kuti ndiye chowenga cha chakacho, ndipo kuyambira mu 2017 maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analetsa mankhwalawa m'zinthu zonse zotsalira pakhungu, kuphatikizapo mawaipisi. Chiletso chimenecho n'cha kumeneko. Mapaketi a m'masitolo ndi m'misika yathu amachokera kumaiko osiyanasiyana, ndiye kuwerenga kuli kwa ife. Paketi yopanda mndandanda wa zimene zili mkati, kapena yolembedwa m'zilembo zoti simungaziwerenge, ine sindigulira khanda ngakhale itatchipa bwanji.

Chachiwiri chopewa ndi zonunkhiritsa, zimene zimalembedwa kuti parfum kapena fragrance. Sizitsuka kalikonse, ntchito yake n'kusangalatsa mphuno ya wogula, ndipo zili m'gulu la zinthu zowenga anthu kwambiri. Mafuta onunkhira a zomera nawonso amawenga, ngakhale paketi italemba kuti ndi zachilengedwe. Chachitatu ndi spiriti, wolembedwa kuti alcohol denat. kapena ethanol, amene amaumitsa khungu ndi kuluma pamene panyuka. Palinso mankhwala ena oletsa kuvunda amene amatulutsa fomalini pang'onopang'ono, monga DMDM hydantoin ndi bronopol, ndipo kwa munthu wa khungu losachedwa kuwengeka ndi bwino kuwalambalala.

Paketi yofewa pakhungu imadziwika ndi mndandanda waufupi. Poyamba pamakhala aqua, amene ndi madzi. Oletsa kuvunda amakhala sodium benzoate kapena potassium sorbate, omwenso amaikidwa m'zakumwa, pamodzi ndi citric acid, chifukwa awiriwa amagwira ntchito m'madzi okhala ndi asidi pang'ono, amenenso ndi oyenera khungu. Mupezanso phenoxyethanol m'mapaketi ambiri. Ku Ulaya amaloledwa mpaka gawo limodzi pa 100 ndipo sawenga anthu ambiri, ngakhale kuti akuluakulu a zamankhwala ku France mu 2012 analangiza kuti asamagwiritsidwe ntchito pamalo a thewera kwa ana osakwana zaka zitatu. Ine ndikapeza paketi yopanda ameneyu pamtengo wofanana ndimasankha imeneyo, koma sindichita naye mantha ngati mmene ndimachitira ndi methylisothiazolinone uja. Mawu a kutsogolo onena kuti n'zoyenera khungu lofewa kapena kuti madokotala anayesa alibe muyeso wokhazikika. Tembenuzani paketi.

Osafunanso paketi yopanda choletsa kuvunda chilichonse. Kansalu konyowa m'paketi yotsegulidwa kambirimbiri ndi manja amene angogwira thewera ndi munda wa tizilombo. Pachifukwa chomwecho, paketi ikauma musathiremo madzi a pampopi, chifukwa mukusungunula mankhwala otetezawo n'kuwonjezamo tizilombo. Ikasintha fungo kapena kuoneka timadontho takuda, itayeni. Ndipo mawaipisi opukutira matebulo ndi zitseko, aja olembedwa kuti amapha majeremusi, asayandikire matako a mwana kapena nkhope ya munthu. Mapaketi ake amafanana kwambiri ndi a ana, ndipo ndaonapo akuikidwa pashelefu imodzi.

Kudziwa chimene chawenga

Si zotupa zonse za m'thewera zimene zimachokera ku mawaipisi, ndipo malo amene zatuluka amanena zambiri. Kunyuka wamba, kobwera ndi mkodzo ndi chimbudzi, kumagwira malo otukuka amene amakhudzana ndi thewera, monga matako ndi pamwamba pa ntchafu, koma m'mikwingwirima mkati mumakhala bwino. Kwa mafangasi kumachita zosiyana: kumakonda m'mikwingwirima momwemo, ndipo m'mbali mwake mumamwazika timadontho ting'onoting'ono. Kumeneku kumafuna mankhwala opaka a kuchipatala, kusintha paketi sikungathandize. Chiwengo cha mawaipisi chimatsatira njira ya kansalu. Chimapezeka paliponse pamene mumapukuta, kumatako, m'manja ndi kuzungulira pakamwa, chimayabwa kwambiri, ndipo sichituluka nthawi yomweyo koma pakapita tsiku limodzi mpaka atatu. Kuchedwa kumeneku n'kumene kumasocheretsa anthu. Thupi likhozanso kuyamba kudana ndi paketi imene mwaigwiritsa ntchito miyezi yambiri popanda vuto.

Mwana wa mchemwali wanga anavutika choncho. Zotupa zinali kumatako ndi pachibwano, ndipo mayi ake poona kuti mwana wanyuka ankapukuta kwambiri kuposa kale, kuganiza kuti ukhondo ukuchepa. Namwino amene anawaona anayang'ana manja a mayiyo, n'kupeza kuti nsonga za chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati za dzanja lamanja zauma ndi kung'aluka, zala zomwe zimagwira kansalu. Anawauza kuti asiye mawaipisi onse, osati kungosintha mtundu, chifukwa mankhwala omwewo amapezeka m'mapaketi a maina osiyana. Ankatsuka mwana ndi madzi ofunda ndi kansalu kofewa ka thonje, kuumitsa mogunditsa osati mokhula, kumusiya kanthawi wopanda thewera, kenako kupaka mafuta okhuthala a zinki. Khungu la mwana ndi zala za mayi zinachira pamodzi m'masabata ochepa. Kuseri kwa paketi yakale kunali methylisothiazolinone ndi parfum.

Dziwaninso kuti zithunzi zambiri za matendawa zimaonetsa khungu loyera lofiira psuu. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka chotero. Yang'anani malo amene ada kuposa pozungulira, kapena otuwa, onyezimira, otentha mukagwira, kapena amene mwana amalira mukakhudza. Pakachira pakhoza kutsala mawanga oyererako kwa miyezi ingapo, ndipo amatha okha. Koma mukaona matuza, mafinya, zilonda zotseguka, kutentha thupi, kapena ngati palibe kusintha patapita masiku atatu mukusamala bwino, pitani naye kuchipatala. Kwa khanda lobadwa masiku asanakwane, madzi ndi thonje ndiye poyambira, pokhapokha achipatala atanena zina.

Zonsezi zikukhudzanso akuluakulu. Amene akusamalira kholo logona, losatha kudziletsa mkodzo, akumbukire kuti khungu la okalamba ndi lopyapyala ndipo limang'ambika ndi kukhula kokha. Ndipo munthu wamkulu amene wakhala akuyabwa kumalo otulukira chimbudzi kwa miyezi, n'kumapukuta ndi mawaipisi onunkhira pofuna kuti kuyabwako kuthe, ayambe wawasiya kwa masabata angapo n'kumatawasa ndi madzi. Ambiri amachita manyazi kuzinena kuchipatala, pamene choyambitsa chili m'paketi ya kubafa.

Kotayira

Pa nyumba zitatu zija tinadula paipi pamene panalowa mizu, kuikapo cholumikizira chatsopano, ndipo m'bafa iliyonse ndinaikamo kabini kotsekera pamwamba kokhala ndi jumbo mkati. Popanda kabini pafupi ndi chimbudzi, kuletsa pakamwa sikugwira ntchito, chifukwa munthu wanyamula kansalu konyansa ndipo chimbudzi chili pompo. Kwa mwana n'kosavuta: tinsalu tikulungidwe mkati mwa thewera lakelo, limatidwe, lilowe m'jumbo. Chimbudzi chenichenicho cha mwana, ngati n'cholimba, chikutumulireni m'chimbudzi musanakulunge, popeza ndicho chimabweretsa fungo ndi ntchentche.

Kumene galimoto ya zinyalala sifika, yankho loyera bwino palibe. Kuotcha tinsalu ta poliyesita tonyowa kumangofuka utsi woipa pakhomo. M'chimbudzi chokumba chimene mudzachikwirire chikadzadza, tinsalu sititseka kanthu koma timachidzazitsa msanga, ndipo m'chimene chinamangidwa ndi njerwa kuti chizipopedwa tisalowemo n'komwe. Chotsalira ndi dzenje lakuya lapadera, kutali ndi chitsime, lothiridwa dothi pamwamba nthawi iliyonse kuti agalu ndi nkhumba zisafukule. Mchemwali wanga uja, amene amakhala kotero, anadula thaulo lakale lofewa n'kupanga tinsalu tambiri topenderera m'mbali. Amatinyowetsa pa nthawi yogwiritsa ntchito yokha, amatiponya m'ndowa yotsekera, amatichapa ndi sopo ndi madzi otentha padera ndi zovala zina, kutsukuluza bwino kuti sopo asatsalire, n'kuyanika padzuwa. Paketi ya mawaipisi amasunga imodzi m'chikwama, ya paulendo wa basi ndi tsiku la sikelo, ndipo imamukwanira miyezi iwiri.